Majinzi a Levi's a pa chithunzi ndi belo lomwe simunalitsegule

"Ndine mayi wa ku Kasungu, ndimagulitsa kaunjika. Munthu wina wa ku Lilongwe wanditumizira pa WhatsApp zithunzi zisanu ndi chimodzi za majinzi a Levi's. Akuti belo lonse ndi la otere, choncho mtengo wake ndi wokwererapo. Ndingadziwe bwanji kuti si feki ndisanatumize ndalama?"

Mayi, tiyambe ndi belolo, majinzi tiwaona pambuyo. Belo la kaunjika limabwera lopanikizidwa ndi makina, lokutidwa ndi pulasitiki, lomangidwa malamba. Palibe amene angajambule zam'kati mwake osalidula. Ndiye zithunzi mwalandirazo zachokera kumodzi mwa kuwiri: mwina ndi za belo lina lomwe linatsegulidwa kale, kapena belo lanulo analitsegula n'kulimanganso. Ngati analitsegula, dzifunseni kuti amene waona Levi's wabwino ndi maso ake angamubwezeretse m'belo chifukwa chiyani.

Tiwerengerenso. Belo la makilogalamu 45, jinzi ya munthu wamkulu ikamalemera magalamu 600 kapena 700, mumatuluka majinzi pakati pa 64 ndi 75. Inu mwaona asanu ndi imodzi. Ngakhale onsewo atakhala orijino, enawo pafupifupi 60 kapena kuposerapo simukuwadziwa, ndipo phindu lanu lagona mwa iwowo.

Komabe zithunzi zili ndi ntchito yake: zimakuuzani ngati wogulitsayo ndi wachilungamo. Muuzeni asankhe jinzi imodzi mwa zomwe anajambulazo, aike pambali pake kapepala kolemba dzina lanu ndi tsiku la lero, ajambulenso pa kuwala kwa dzuwa. Atumize ngati Document, chifukwa WhatsApp imachepetsa chithunzi mpaka timalemba ta pa lebo sitiwerengeka. Amene anangotola zithunzi pa intaneti amagwa pomwepa, amayamba zifukwa.

Tinene kuti jinziyo ndi 501, umodzi mwa mitundu ya majinzi a Levi's. Choyamba onani kutsogolo: 501 ya abambo imatsekedwa ndi mabatani. Mukaona chikopa cha m'chiuno chalembedwa 501 koma kutsogolo kuli zipi, yambani kukayikira. Kenako atembenuze batani la pamwamba, ajambule kuseri kwake. Pa Levi's zambiri zenizeni pamakhala nambala yodindidwa, ndipo nambala yomweyo imapezekanso pa kalebo koyera ka m'kati, kaja kofotokoza za kachapidwe. Opanga feki amalimbikira zooneka kunja, kuseri kwa batani nthawi zambiri amangokusiya kosalala, kapena nambala zake sizigwirizana. Ine ndimadalira kwambiri chithunzi chimenechi kuposa china chilichonse. Onaninso saizi: manambala a W ndi L, a chiuno ndi kutalika, a pa chikopa afanane ndi a pa kalebo ka m'kati. Pa jinzi yovalidwa kwa zaka chikopacho chimafufutika, ndiye kufufutika kokhako si mlandu.

Kansalu kofiira kaja kolembedwa Levi's kamakhala pa thumba lakumbuyo la kudzanja lamanja, kosokedwa kulowa mu msoko wa thumbalo, osati kungomatidwa pamwamba. Ena amataya jinzi yabwino poona kansalu kopanda dzina, kongokhala ndi ® yekha. Ameneyo akhoza kukhala orijino ndithu, kampaniyo imapanga ena otero. Ulusi wa pa matumba akumbuyo, uja wopindika ngati mapiko a mbalame, ukhale wofanana pa matumba onse awiri ndipo usokedwe mosadumphadumpha.

Pali china chomwe chimandichititsa mantha kuposa msoko wokhota. Kaunjika weniweni amachokera m'nyumba zosiyanasiyana, ndiye sangafanane: wina wasuluka m'mawondo, wina watha kumapazi, masaizi ndi mayiko omwe anasokedwa n'zosiyana. Zithunzi zisanu ndi chimodzizo zikaonetsa majinzi a mtundu umodzi, onse onyezimira ngati a m'sitolo, malebo ofanana mpaka nambala, amenewo ndi katundu watsopano wa feki wosakanizidwa ndi kaunjika. Dziwaninso kuti feki imodzi kapena ziwiri zimapezeka ngakhale m'belo lomwe silinakhudzidwe, poti kunjako nakonso anthu amagula feki n'kudzazipereka, ndipo osankha zovala amayang'ana mtundu wa chovala ndi kutha kwake, sakhala ndi nthawi yotembenuza batani lililonse.

Ndikanakhala ine, mayi, sindikanawonjezera ndalama chifukwa cha dzina. Ndikanapempha chithunzi cha belo lenilenilo mbali zonse, malamba ali osadulidwa, chikalata chake chikuonetsa kulemera, giredi ndi mtundu wa zovala, n'kulipira mtengo wa belo wamba la majinzi a giredi imeneyo. Ngati akuumirira mtengo wa Levi's, kwerani minibasi kapena tumani m'bale wanu wa ku Lilongwe, belolo alidule inu kapena m'bale wanuyo muli pomwepo, muwerenge limodzi, ndalama ituluke pambuyo.