Shopu yathu ya pa intaneti yatsegulidwa, kaodedwe kake ndi aka

"Mayi, ndili ku Joni ndipo mng'ono wanga ali ndi chinkhoswe ku Zomba miyezi iwiri ikubwerayi. Ndamva kuti mwayamba kulandira maoda pa intaneti. Nanga diresi ingandikwane bwanji musanandione, ndipo ndalama ndilipira bwanji?"

Zikomo achemwali, mwamva zoona. Kuyambira sabata ino simukufunikanso kufika pashopu pathu kuno ku Limbe kuti tikusokereni. Masitayelo onse a madiresi, zilundu, masiketi ndi malaya a abambo tawaika pa tsamba lathu, chilichonse ndi nambala yake ndi mtengo wake, ndipo pansi pake pali batani lokufikitsani pa WhatsApp yathu.

Mwezi woyamba uno tachotsa 20 peresenti pa mtengo wosokera. Pa mtengo wa nsalu sitinachotse, chifukwa nafenso timachita kukagula. Diresi iliyonse ikubwera ndi duku la nsalu yomweyo laulere, ndipo amene akusoketsa yunifolomu ya chinkhoswe kapena ya ukwati, akaoda zovala zisanu, chachisanu ndi chimodzi tikusoka ulere.

Tsono za kukwana, nkhani yonse yagona pa muyeso. Musadziyeze nokha. Munthu akamawerama kuti awerenge tepi, mimba imapindika ndipo tepi imatsetsereka kumsana. Pezani mnzanu, kapena telala wapafupi, akuyezeni mutaima chilili, mutavala chovala chopyapyala ndi kamisolo yomwe mudzavale patsikulo. Tikufuna pachifuwa pamene pali potukuka kwambiri, m'chiuno pamwamba pang'ono pa mchombo, m'mahipi pamene pali potambalala kwambiri, phewa ndi phewa, kuzungulira mkono kumtunda, ndi kutalika kuchokera paphewa mpaka pamene mukufuna diresi ithere. Tepi igwire thupi koma isafinye.

Chonde musawonjezepo kanthu poganiza kuti diresi ingathine. Malo opumira timawonjeza ndife, pafupifupi mainchesi awiri pachifuwa ndi m'mahipi. Mukawonjeza inu, ife n'kuwonjezanso, mudzalandira thumba. Musachepetsenso poyembekeza kuti muonda tsikulo lisanafike. Ndikunena izi mochokera pansi pa mtima: tisokereni thupi limene muli nalo lero.

Matepi ambiri ali ndi mainchesi mbali ina, masentimita mbali inayo, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Tinene kuti mwatumiza pachifuwa 38, m'chiuno 32, m'mahipi 107. Ndikaona chonchi ndimadziwiratu kuti tepi inatembenuka pakati pa kuyeza, chifukwa masentimita 107 ndi mainchesi 42. Choopsa ndi cholakwika chaching'ono chosaonekera, monga 40 m'malo mwa 42. N'chifukwa chake timapempha chithunzi cha tepi ili pathupi pa miyeso itatu imeneyi, komanso chithunzi chanu mutaima, chakutsogolo ndi cham'mbali. Zithunzizi sitiika pa tsamba.

Pa thupi la 38, 32, 42, diresi yowongoka yofika m'mawondo ya manja aafupi imafuna chitenje chimodzi cha mamita awiri ndi kachidutswa kowonjezera. Yotambalala m'munsi yofika pansi imadya zitenje ziwiri, nthawi zina kuposerapo ngati maluwa ake ndi aakulu, poti timayenera kuwakumanitsa pamsoko. Nsalu timayamba taichapa tisanadule kuti ikafuna kufupika ifupikiretu. Ngati akubanja anasankha kale nsalu ya chinkhoswe, auzeni atibweretsere kapena atitumizire yeniyeniyo. Mtundu wa pa foni umanamiza, chofiirira chimatha kuoneka chofiira.

Tikagwirizana sitayelo ndi muyeso, tikulemberani zonse mu uthenga umodzi kuti muvomereze, kenako mulipira theka la mtengo. Lumo silikhudza nsalu theka limeneli lisanafike. Amene ali m'dziko muno alipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo inu muli ku Joniko mukhoza kutumiza pa Mukuru. Musanatsimikize, onani kuti dzina lotuluka ndi lomwe lili pa tsamba lathu. Kusoka kumatenga masabata awiri. Tikamaliza tikutumizirani kanema wa chovalacho, mumalize ndalama yotsala, ndipo titumiza pa kuriya. Ndalama ya kuriya ndi yanu.

Kwa inu malangizo anga ndi akuti diresi isapite ku Joni. Idikire kuno. Mukatsika basi ku Blantyre, dzereni ku Limbe muiyese musanakwere ya ku Zomba, ndipo pofunika kubweza tibweza tsiku lomwelo osalipiritsa. Amene sangathe kufika, m'mbali monse timasiya inchi imodzi ya nsalu mkati mwa msoko kuti telala wa kwanuko athe kumasula. Chomwe sitingakonze ndi diresi yodulidwa yaifupi, choncho poyeza kutalika muvale nsapato za patsikulo.

Tumizani muyeso sabata ino kapena yamawa, kuti patsale nthawi yokwanira chinkhoswe chisanafike.