Nyama yogaya: maso anu akukunamizani, yezani pakati

"Ndimagula minsi ku bucha nkumapangira ana ma baga Loweruka. Amuna anga amati ikangosiya kufiira ndiye kuti yapsa, koma ine mtima sukhala pansi. Kodi imafunika itenthe bwanji mkati, nanga ndingadziwe bwanji?"

Achemwali, mtima wanuwo ukunena zoona, ndipo bambo a kunyumbawo muwauze mwaulemu kuti mtundu wa nyama si umboni. Nkhani imeneyi imandikhudza kwambiri ine chifukwa cha mwana wa aneba anga, kamtsikana kochangamuka kamene kankabwera kudzasewera kwathu. Kunali phwando la tsiku lobadwa la mnzake, anaotcha ma baga pa mbaula, makala ali lawilawi, ana akudikira ndi mbale m'manja, wootchayo akungotembenuza mwachangu kuti mzere uthe. Kunja nyama yada bwinobwino, mkati zii. Patapita masiku ochepa mwana uja anayamba kupotokola m'mimba, kenako kutsegula kwa magazi, mpaka anagonekedwa kuchipatala ndipo madokotala ankangoyang'anira ngati akukodza bwino chifukwa ankaopa impso. Anachira, tithokoze Mulungu, koma mayi ake ndinawaona mmene anaondera sabata imeneyo, ndipo chimene chimandipweteka mpaka pano nchakuti anthu a pa phwandopo ankangoti "koma nyama inali yakupsa, tinaiona tonse". Anaiona ndi maso, eya. Palibe anayeza.

Anthu ambiri amaiona minsi ngati nthuli wamba yongoduladula, ndiye vuto limayambira pamenepo. Pa nthuli yathunthu tizilombo timakhala pamwamba, pomwe padakhudza mpeni, manja, thabwa kapena zam'matumbo pophera ng'ombe, ndiye ikangogunda moto timafa msanga ngakhale mkati mutakhala mofiirira. Koma nyama ikalowa m'makina ogayira, zapamwamba zija zimasakanikirana mpaka pakati penipeni, ndipo minsi ya m'pepala limodzi itha kukhala ya ng'ombe zingapo. Onjezani makina a ku bucha ena amene amagaya kuyambira m'mawa mpaka madzulo osatsukidwa, kunja kukutentha mwezi wa Okutobala, magetsi athima, firiji yangokhala kabati. Ine ndinaonapo ndi maso anga munthu akugaya nyama ya ng'ombe m'makina omwe anali atangogayiramo nkhuku, osapukuta nkomwe, ndipo nditafunsa anandiyang'ana ngati ndine wovuta. Ndine wovutadi pa zimenezi ndipo sindisintha.

Kachilombo koopsa kwambiri m'minsi ya ng'ombe ndi E. coli O157:H7, kamakhala m'matumbo a ng'ombe osaidwalitsa, koma kwa munthu tochepa chabe timakwana kudwalitsa, makamaka ana aang'ono ndi okalamba, ndipo kwa ena kamakaononga impso. Ku Amereka mu 1993 anthu opitirira 700 anadwala atadya ma baga osapsetsa a malo odyera a Jack in the Box, ana anayi anamwalira, ndipo malamulo a kaphikidwe ka nyama yogaya kumeneko anakhwima kuchokera pamenepo. Zizindikiro sizibwera tsiku lomwelo, nthawi zambiri zimatenga masiku atatu kapena anayi, nchifukwa chake anthu amanamizira chakudya cha dzulo kapena madzi, baga ya Loweruka aiwala kale.

Tsopano za mtunduzi. Minsi imene yakhalitsa pa mpweya kapena m'firiji imatha kuda msanga isanatenthe mokwanira, moti unduna wa zaulimi wa ku Amereka umanena kuti baga imodzi mwa zinayi zilizonse imasintha mtundu mkati isanafike pa kutentha kopha tizilombo. Komanso zimachitika mosemphana, nyama yosakaniza ndi anyezi kapena zokometsera zina itha kukhalabe yofiirira itapsa kale, munthu nkumangoiotcha mpaka kuuma gwa. Ndiye amene amaweruza ndi maso amaluza mbali zonse ziwiri, ndipo ine ndafika poti sindimvanso zoti "ndakhala ndikuphika zaka zambiri, ndimadziwa". Kudziwa kuphika ndi nkhani ina, kutentha kwa pakati pa baga sikuoneka basi. Ndipo mwana wanga sadya baga yofiira pakati kulikonse, kaya ku hotela yodula bwanji, ndimaibweza.

Manambala ake ndi kayezedwe

Minsi ya ng'ombe, nkhumba, mbuzi kapena nkhosa ifike madigiri 71 pakati penipeni, omwe ndi 160 ngati themometa yanu ikuwerenga pa F. Ya nkhuku ifike 74, pa F ndi 165, chifukwa cha salimonela. Amene muli ku Mangalande mumva akunena madigiri 70 kwa mphindi ziwiri, kapena 75 kwa masekondi 30, sikuti akutsutsana ayi, tizilombo timafa ndi kutentha pamodzi ndi nthawi, kukatsika pang'ono nthawi imatalika. Kunyumba 71 ndi yosavuta chifukwa simufunika kugwira wotchi.

Gulani themometa ya kukhitchini, ija ya kachitsulo kosongoka yoonetsa manambala, imapezeka m'masitolo ogulitsa ziwiya. Ya kuchipatala ija musayerekeze, imathera cha m'ma 42. Mukaigula iyeseni kaye m'kapu yodzaza ayisi ndi madzi pang'ono, ionetse 0 kapena pafupi kwambiri. Mukaiyesa m'madzi owira musadabwe ikaonetsa 96 kapena 97 ku Lilongwe kapena ku Blantyre, sinaonongeke, malo okwera madzi amawira asanafike 100.

Tiyerekeze muli ndi theka la kilo, mwaumba ma baga anayi, iliyonse yokhuthala masentimita awiri. Moto ukhale wapakatikati, osati makala olilima aja, ndipo mupatse mbali iliyonse mphindi ngati zisanu pa chiwaya. Kenako nyamulani imodzi ndi chotembenuzira, mulowetse kachitsulo kuchokera m'mbali mopingasa mpaka nsonga ifike pakati, chifukwa mukabaya kuchokera pamwamba nsonga imapyola nkukayeza chiwaya. Dikirani manambala aime. Ikaonetsa 63 ibwezeni pa moto mphindi ziwiri, tsukani kachitsulo ndi sopo ndi madzi otentha musanabayenso, apo ayi mukubwezera tizilombo m'nyama yomwe ikupsa. Yezani iliyonse, ya m'mphepete mwa chiwaya imatsalira nthawi zonse. Ndipo zakupsa zisabwerere m'mbale yomwe munaumbiramo zaziwisi.

Ngati themometa mulibe pakali pano, ma baga okhuthala ayambe adikira. Phikani minsi yomwazika, muziiphwanya ndi mthiko pasatsale zibuluma, thirani tomato ndi madzi pang'ono ibwate ndithu mphindi 15 kapena kuposa, msuzi wobwata uli pamwamba pa 90 ndiye tinthu ting'onoting'ono timapsa mpaka mkati. Ya samusa muikazinge ipse kaye musanakulunge, mafuta amangopsereza chikopa chakunja. Minsi ya mufiriza isungunukire m'firiji osati padzuwa, chifukwa baga youmbidwa pakati pali ayisi ndi imene imanamiza kwambiri, ndipo yaiwisi isapitirire tsiku limodzi kapena awiri m'firiji. Magetsi akathima nthawi yaitali iphikeni tsiku lomwelo ikadali yozizira, ikafunda kwa maola opitirira awiri itayeni ngakhale ndalama zikupweteka.