Akufuna mboni zitatu pofika Lachisanu: ndilembe ndani?

"Zikomo alangizi. Ndimakhala ku Limbuli, ndili ndi dipuloma ya zowerengera ndalama, ndipo ndagwirapo nyengo ziwiri za mvula ngati kalaliki wa pasikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Ndinachita intavyu ku kampani ina yopezera anthu ntchito, ndipo ntchito yake ndi ya ukalaliki wosunga katundu ku Limbe. Tsopano akuti nditumize mayina a mboni zitatu, manambala ndi maimelo, pofika Lachisanu. Mayi akuti ndilembe abusa athu ndi amalume amene ndi ahedi. Ine ndimaganiza za manijala wamkulu wa esiteti ngakhale sitinayankhulanepo. Amene amandidziwa bwino ndi akapitawo, koma Chingerezi sachitha ndipo imelo alibe. Nditani?"

Achemwali, wolemba ntchito safika pofunsa mboni kwa aliyense, ndiye kuti mwayandikira. Chimene chatsala ndi foni ya mphindi zisanu kapena khumi imene inu simudzaimva, ndipo mafunso ake sasinthasintha. Woimbayo adzafunsa kuti munthuyu mumamudziwa bwanji, anagwira kuyambira liti mpaka liti, ankachita chiyani kwenikweni, ankasunga nthawi kodi, anachoka chifukwa chiyani, ndipo mutakhala ndi malo mungamulembenso. Poti ntchito yanuyi ndi yosunga katundu wa eni, adzawonjezera lina: kodi panasowapo chinthu m'manja mwake, kapena mabuku ake anasemphanapo? Tengani mafunso amenewa, muyese nawo munthu aliyense amene mukumuganizira. Amene sangayankhe anayi mwa iwo, dzina lake lisapite.

Mukayesa chomwecho, manijala wamkuluyo agwa poyamba. Pa esiteti nyengo ya mvula pamalembedwa anthu ochuluka zedi, ndipo bwana amene simunayankhulane naye adzangoti, "Ndaniyo? Dikirani ndifunse ku ofesi." Woimba akamva mawu amenewo amalemba kuti mboni simudziwa, ndipo kukula kwa udindo wake sikukuthandizani chilichonse. Amalume nawonso asiyeni. Ngakhale ali ahedi olemekezeka, funso loyamba lomwe lija likangowulula kuti ndinu mwana wa mlongo wawo, zonse zabwino zimene anganene zimachepa mphamvu. Kubisa ubalewo n'koipa kwambiri, chifukwa zikadziwika, amene waoneka wabodza ndi inu. Awuzeni mayi mwaulemu kuti nkhani si yonyoza amalume, koma kuti olemba ntchito sawerengera umboni wa wachibale.

Abusa angalowe, koma ngati wachitatu, ndipo makamaka ngati munasungapo chinthu kumpingo, monga thumba la achinyamata kapena buku la zopereka. Pamenepo ali ndi choti anene chokhudza ndalama ndi kukhulupirika. Ngati chimene akudziwa n'chakuti mumabwera Lamulungu lililonse ndipo mumaimba kwaya, mphunzitsi amene anakuphunzitsani dipuloma ija angakuthandizeni koposa, bola akhale amene akukumbukirani nkhope, monga amene anayang'anira polojekiti yanu kapena anakuyenderani pa atachimenti.

Tsopano za akapitawo. Musawapeputse. Munthu amene ankaima pafupi ndi sikelo tsiku ndi tsiku, n'kumaona mmene mumalembera makilogalamu a wothyola aliyense pa nambala yake mvula ikugwa, mzere uli wautali, ndiye mboni yeniyeni ya ntchito yanu. Chingerezi si vuto lalikulu monga mukuganizira. Oimba foni ambiri a ku Blantyre amayankhula Chichewa, ndipo mukhoza kulemba pansi pa dzina lawo kuti amamasuka m'Chichewa, ndi pafoni osati pa imelo. Koma funsani kaye ku kampaniko ngati umboni wa pafoni ukukwanira, chifukwa ena amatumiza fomu yoti mboni ilembe ndi kusaina. Komanso ganizani bwino: pakati pa akapitawo ndi manijala wamkulu pali anthu ena. Ndani ankalandira mapepala anu madzulo n'kuwayerekeza ndi kulemera kumene masamba apezeka nako ku fakitale? Ndani ankatenga mawerengero anu n'kukonzera malipiro? Kalaliki wamkulu wa divishoni kapena wa ku ofesi ya malipiro ameneyo amadziwa ngati mabuku anu ankagwirizana, kawirikawiri imelo amakhala nayo, ndipo pa ntchito yosunga katundu ndi amene ndingamuike pamwamba. Ndiye kalaliki wamkulu poyamba, akapitawo kachiwiri, mphunzitsi kapena abusa kachitatu.

Kusankha mayina ndi gawo lochepa. Anthu ambiri amagwa chifukwa cholemba dzina la munthu osamuuza. Masiku ano ambirife tikaona nambala yachilendo timaganiza za akuba a pafoni aja onama kuti atumiza ndalama molakwitsa, ndiye timadula. Kapena mboni imayankha ili pa njinga yamoto pakati pa Chitakale ndi Muloza, n'kufunsa katatu kuti "Mwati ndani?" Woimba uja ali ndi anthu ena pa mndandanda. Akayesa kawiri katatu osapeza munthu, amapita kwa wotsatira, ndipo inu simudzauzidwa chifukwa chake.

Choncho lero lomwe, musanatumize chilichonse, aimbireni atatu onsewo, ndipo akapitawo ngati ali pafupi apitireni nokha. Funso lanu lisakhale lakuti "Ndingalembe dzina lanu?" chifukwa kwathu kuno munthu sakana pamaso, amangoti "Chabwino, palibe vuto." Funsani kuti, "Atakuimbirani kufunsa za kagwiridwe kanga ka ntchito, muli omasuka kundichitira umboni wabwino?" Kenako mverani bwinobwino. Amene ayankha msanga n'kuyamba kukumbukira zimene munkachita, ameneyo ndi wanu. Amene ayamba ndi "Aaa, tiona, koma mukudziwa malamulo a kampani," muthokozeni, mufune wina. Mwina sakudana nanu ayi, makampani ena salola wantchito wawo kupereka umboni kupatula ofesi yoona za antchito, ndipo ndi bwino mudziwe zimenezo Lachitatu kusiyana ndi kudzazimva mwayi utapita.

Akavomera, atumizireni uthenga umodzi pa WhatsApp woti akhoza kuuwerenga pa mphindi imodzi, pamodzi ndi sivi yanu ndi chilengezo cha ntchitoyo. Wa kalaliki wamkulu ungakhale wotere, inu muikemo masiku anu enieni: "Zikomo bambo povomera. Ntchitoyi ndi ya kalaliki wosunga katundu ku Limbe. Akuimbirani a kampani yopezera anthu ntchito pakati pa Lolemba ndi Lachitatu sabata yamawa, nambala yake ndikutumizirani. Pokukumbutsani, ndinagwira pa divishoni yanu kuyambira Disembala 2022 mpaka Epulo 2023, ndiponso Disembala 2023 mpaka Meyi 2024, ngati kalaliki wa pasikelo. Kontilakiti inatha chifukwa nyengo inatha. Mwina mukukumbukira sabata ija mawerengero a kumunda ankasiyana ndi a ku fakitale, ndinabwereza mapepala onse mpaka tinapeza kuti sikelo ndi imene inkalakwitsa."

Onani zimene uthengawu ukuchita. Sukumuuza munthu zoti anene, ndipo musayese kumulembera mawu oti aloweze, chifukwa woimba wozolowera amazindikira mboni ziwiri zikamayankhula ngati zawerenga pepala limodzi. Ukungomukumbutsa zoona zimene waiwala. Masiku ndiwo amasokoneza kwambiri kwa anthu a ntchito za nyengo. Inu pa sivi mwina munalemba "2022 mpaka 2024", mboni n'kunena kuti "ankabwera nthawi ya mvula yokha", basi woimba wayamba kukayika ngati munakulitsa dala. Ngati sivi yanu ili choncho, ikonzeni lero, mulembe miyezi ya nyengo iliyonse payokha, muitumize pamodzi ndi mayinawo. Ndipo kankhani kamodzi kenikeni, ngati ka sikelo kaja, kamalemera kuposa "ndi mtsikana wabwino, wolimbikira" amene mboni iliyonse imanena za aliyense. Nkhaniyo ikhale yoti inachitikadi ndipo mboniyo inaiona. Aliyense mwa atatuwo mumupatse yake: akapitawo za kusunga nthawi ndi mmene munkathetsera mkangano wothyola akamakana makilogalamu ake, aphunzitsi za luso lanu pa mabuku ndi pa Excel ngati anakuonani mukuigwiritsa ntchito.

Ngati pali chilema chimene mukudziwa kuti chituluka, monga munajombapo masabata awiri mayi atadwala, chikambeni ndi mboniyo poyera, musachisiye kuti chidzawadzidzimutse pafoni. Akafunsidwa anene zoona, koma zonse: munapempha chilolezo, munabwerera, ntchito inapitirira.

Palinso pepala limene anthu ambiri a m'maesiteti salitenga. Lamulo la zantchito la 2000, mu gawo 31, limati kontilakiti ikatha, wolemba ntchito apereke satifiketi kwa wantchito akapempha, yosonyeza dzina la kampani, nthawi imene wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Chifukwa chochokera, kapena ndemanga ya mmene ankagwirira, zimalembedwa pokhapokha wantchitoyo atapempha yekha. Pitani ku ofesi ya antchito mukaipemphe. Simalowa m'malo mwa mboni, koma ngati ofesi ikukana kuyankhula pafoni, kapena kalaliki wamkulu uja anasamukira ku Thyolo kapena anapuma, pepalalo limatsimikiza masiku anu. Munthu wosamuka kapena wopuma pantchito akhozabe kukhala mboni, inu mungolemba udindo umene anali nawo pa nthawi imene ankakuyang'anirani.

Potumiza, pa dzina lililonse lembani udindo, malo a ntchito, ubale wanu pantchito monga "ankalandira mapepala anga tsiku lililonse nyengo ziwiri", nambala, imelo, ndi nthawi yabwino yoimbira. Kwa akapitawo nthawiyo ndi madzulo akaweruka, osati m'mawa ali m'munda kumene netiweki imabwera n'kupita. Ngati ali ndi manambala awiri, a Airtel ndi a TNM, lembani onse. Nambala iliyonse muiimbe nokha poiwerenga pa pepala limene mukutumizalo, ndipo imelo muiyese poitumizira kauthenga, chifukwa chilembo chimodzi chikalakwika fomu imabwerera popanda wokuuzani.

Kwa a kampaniwo funsani zinthu zitatu mu uthenga womwewo: adzaimba ndani, pa nambala iti, ndiponso dzina la kampani ya ku Limbe imene ikufuna munthuyo. Muli ndi ufulu wodziwa kumene mayina a anthu anu akupita. Kampani yopezera anthu ntchito imalipidwa ndi wolemba ntchito, ndiye akangoti tumizani ndalama "zotsimikizira mboni" pa Airtel Money kapena Mpamba, imani pomwepo, musatumize ndalama kapena mayina. Ndipo ngati mwayambiranso pa esiteti nyengo ino, nenani momveka kuti abwana anu apano asaimbiridwe mpaka mutalonjezedwa ntchito polemba.

Lachitatu la sabata yamawa likadutsa, afunseni atatu aja ngati aimbiridwa ndi zimene anafunsidwa. Ngati wina sanapezeke pafoni, uzani a kampaniwo tsiku lomwelo, muwapatse nthawi ina kapena dzina lachinayi. N'chifukwa chake ndi bwino abusa kapena aphunzitsi, amene sanalowe pa atatuwo, muwakonzeretu nawonso sabata yomwe ino.