Malo aulere alipo pa disiki, koma C: ikukana kukula

"Ndinachotsa disiki ya 256 GB n'kuikamo ya 512 GB, zonse ndinazikopera ku yatsopanoyo. Ndikayatsa kompyuta ndi fulashi yoikira Windows, pakuoneka Drive 0 Unallocated Space ya 238 GB, koma ndikasankha patishoni ya Windows batani la Extend silikudinika. Pakati pake pali kapatishoni kolembedwa Recovery. Ndikafufute? Mafayilo anga sindikufuna kuwataya."

Musakafufute muli mmenemo. Tulukani kaye m'pulogalamu yoikirayo, zulani fulashi, mulowe mu Windows yanu ya masiku onse. Ntchito yonseyi ichitikira kumeneko, ndipo chifukwa chake muchiona posachedwa.

Patishoni ndi chigawo cha disiki chimene chili ndi poyambira pamodzi ndi pothera pamodzi, chosadukiza. Zida za Windows zimatha kusuntha pothera pokha, kukankhira kutsogolo, ndipo zimatero ngati malo aulerewo agundana ndi patishoniyo kumapeto kwake. Zili ngati munda wanu ndi thengo lopanda mwini, pakati pali kadimba ka mnzanu: thengolo mukuliona, koma malire anu sangalumphe kadimbako. Kuchokera pa Windows 10 ya mtundu wa 2004, imene inatuluka mu 2020, pulogalamu yoikira imayala disiki motere: System ya 100 MB, MSR ya 16 MB, kenako C:, ndipo Recovery kumapeto. Pa disiki yakale ija Recovery inalidi kumathero. Itakoperedwa ku disiki yaikulu, yapezeka pakati. Disiki yanu ndi yabwinobwino, palibe chimene chawonongeka.

Akanakhala munthu amene akufuna kuyambiratu mwatsopano, nkhani ikanathera pomwepo: kufufuta mapatishoni onse a Drive 0, kusankha malo aulere amene atsala, kudina Next, Windows n'kudziyalira yokha. Koma zimenezo zimapita ndi mafayilo onse, ndiye si zanu.

M'kapatishoni kameneko muli fayilo yotchedwa Winre.wim. Ndi imene imabweretsa sikirini yokonzera ija Windows ikalephera kuyaka. Mukafufuta kapatishoniko mwachindunji, fayiloyo imapita nako, ndipo kuipezanso ndi ntchito ina yotopetsa. Pali lamulo limene limaisamutsira mu C: kaye, koma liyenera kulembedwa mu Windows yanuyo ili yoyaka. Windo lakuda limene limatseguka mukadina Shift+F10 m'pulogalamu yoikira ndi la Windows yaing'ono ya pa fulashi, osati yanu. N'chifukwa chake ndinati mutuluke.

Musanagwire kanthu, koperani mafayilo ofunika ku disiki ina. Ngati C: ndi yotsekedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wobisa zimene zili pa disiki, onetsetsani kuti kiyi wake wa manambala 48 muli naye penapake kunja kwa kompyutayi. Yang'ananinso kukula kwa Recovery yanuyo. Ikakhala pakati pa 500 MB ndi 1 GB, ndi ya Windows. Ikakhala ya ma GB angapo, nthawi zambiri imakhala ya kampani imene inapanga kompyutayo, yosungira zonse zimene makinawo anabwera nazo, ndipo imeneyo ikapita njira ili m'munsiyi siibweza.

Tsegulani Command Prompt posankha Run as administrator, mulembe izi:

```
reagentc /info
reagentc /disable
dir /a C:\Windows\System32\Recovery
```

Lamulo loyamba likuuzani kumene fayilo ija ili pakadali pano. Muona mzere wokhala ndi mawu ngati harddisk0\partition4. Sungani nambala ziwirizo, ndiye disiki ndi patishoni zimene tizigwire. Lachiwiri ndi losamutsa lija. Lachitatu n'longotsimikiza, koma ineyo ndimaliona ngati lofunika kuposa onse: Winre.wim iyenera kuoneka pamndandandawo, ya ma MB mazana angapo. Ikapanda kuoneka, imani pomwepo, musafufute kalikonse.

Ikaoneka, lowani mu diskpart, chida cha Windows chosinthira mapatishoni, polemba izi m'windo lomwelo:

```
diskpart
list disk
select disk 0
list partition
select partition 4
delete partition override
```

Apa ndi pamene anthu amalira. Diskpart safunsa kawiri. Nambala 0 ndi 4 ndi za chitsanzo changachi. Zanu muzitenge pa zimene sikirini yanu yaonetsa, ndipo mukalemba list partition yang'anitsitsani kuti nambalayo ili pa mzere wa Recovery, kukula kwakenso kukugwirizana. Mawu akuti override akufunika chifukwa patishoniyi ndi yotetezedwa. Popanda iwo diskpart amakana. Pa list disk paja onaninso ngati pali kanyenyezi pansi pa Gpt, tikafuna kudziwa zimenezo kutsogoloku.

Tsopano malo aulere agundana ndi C:. Mukadali mu diskpart momwemo:

```
select volume C
extend
shrink desired=1024
create partition primary id=de94bba4-06d1-4d40-a16a-bfd50179d6ac
gpt attributes=0x8000000000000001
format quick fs=ntfs label="Windows RE tools"
exit
reagentc /enable
reagentc /info
```

Extend imameza malo onse aulere, C: n'kuchoka pa 237 GB kufika pafupifupi 476 GB. Shrink imabweza 1 GB kumapeto kwenikweni kwa disiki, ndipo pamenepo ndi pamene Recovery yatsopano ikumangidwa. Nambala yaitali ija ndi chizindikiro chouza Windows kuti patishoniyi ndi yokonzera, ndipo mzere wotsatirawo umaiteteza ndi kuiletsa kulandira chilembo ngati D: kapena E:. Ngati kanyenyezi ka Gpt kaja panalibe, disiki yanu ndi ya MBR: lembani create partition primary id=27, mzere wa gpt attributes muulumphe, ndipo format ikatha mulembe set id=27.

Zikayenda bwino, reagentc /info imanena Enabled, ndipo mzere wa malo umaloza patishoni yatsopanoyo. Ukaloza nambala ya C: yeniyeniyo, ndiye kuti Windows sinaizindikire patishoni yatsopano ndipo yasunga fayilo mu C:. Kawirikawiri cholakwika chimakhala chilembo chimodzi mu nambala yaitali ija, kapena kuiwala format. Bwerezani reagentc /disable, konzani, muyesenso.

Ena angakuuzeni kuti kumanganso Recovery n'kudzivutitsa, ingokhalani ndi C: yokha. N'zoona kuti Windows imayaka bwinobwino popanda iyo, ndipo fayilo ija imatha kugwira ntchito ili mu C:. Koma C: ikakhala yotsekedwa ndi BitLocker, reagentc /enable imakana kuiika mmenemo, ndipo makompyuta ambiri a Windows 11 amabwera atatsekedwa kale mwini wake osadziwa. Za 1 GB nazonso si zongowononga malo. Mu Januwale 2024 apudeti ya Windows 10 ya KB5034441 inkakanika pa makompyuta ambiri ndi nambala 0x80070643 chifukwa Recovery inalibe malo aulere okwana 250 MB. Pa disiki ya 512 GB, gigabayiti imodzi simungaimve kupweteka.

Njira ina ilipo kwa amene diskpart imawaopsa, kapena amene Recovery yawo ndi yaikulu ija ya kampani. GParted, pulogalamu ina yosinthira mapatishoni yoyatsidwa kuchokera pa fulashi, imatha kunyamula patishoni yonse n'kuisunthira kumapeto kwa disiki osaifufuta, kenako C: mumaikulitsa mu Disk Management ndi Extend Volume. Musunthe Recovery yokha, poyambira pa C: musapakhudze. Mukabwerera mu Windows lembani reagentc /info; ikanena Disabled kapena ikaloza malo olakwika, lembani reagentc /disable kenako reagentc /enable kuti Windows ilembe malo atsopanowo.