Denga lili ndi fayibagalasi koma m'nyumba mukutenthabe

"Abale thandizeni. Nyumba yanga ku Salima denga ndi la zitsulo, pansi pa malata tinayala fayibagalasi ya mamilimita 50 koma masana mapalini akumatentha osagwirika. Komanso pamwamba pa windo la kuchipinda, usiku khoma limakhala lofunda kuposa pena ponse. Mmisiri analakwitsa pati?"

Achimwene, ndikukhulupirira kuti fayibagalasiyo anaiyala pamwamba pa mapalini, zitsulo zopingasa zimene malata amagonapo, kenako n'kukhomerapo malata, ndi mmene ambiri amachitira. Vuto lili pomwepo. Fayibagalasi imatchinga kutentha chifukwa cha mpweya umene umakhala mkati mwake ikakhala yofufuma, ndiye sikuluwu ikamanga lata ku palini, fayibagalasi ya mamilimita 50 ija imafinyika n'kutsala mwina 5 basi, mpweya wonse wachoka. Pakati pa mapalini denga lanu lili bwino, koma pa palini iliyonse kutentha kwapeza mlatho wowolokera. Chitsulo chimadutsitsa kutentha kuposa fayibagalasi kopitirira ka 1,000, kuposa thabwa la paini pafupifupi ka 400, ndipo lata mu Okutobala limatha kupitirira madigiri 60. Ngati mapalini atalikirana mita imodzi ndi pang'ono werengani nokha kuti mizere yotentha ilipo ingati mchipinda chimodzi. Yesani cha m'ma 2 koloko masana, gwirani palini kenako gwirani fayibagalasi pakatikati, dzanja likuuzani.

Poti denga linatha kale ine sindingakuuzeni kuti musasule. Ikani siling'i yosagunda mapalini, pamwamba pake muyale fayibagalasi ina yofufuma bwino, yodutsa pamwamba pa mitanda ya siling'iyo osaduladula, osasiya mipata m'makona. Mukatero mapalini atsala kumtunda, atenthe mmene angathere. Musiyenso tizibowo ta mpweya m'magebulo, makoma ansonga a kumapeto kwa denga aja, tokhala ndi sefa kuti mileme isalowe.

Amene simunafolere, njira yake ndi kuika chinthu chosadutsitsa kutentha pakati pa lata ndi chitsulo. Yalani fayibagalasi, pamwamba pa palini iliyonse pagone thabwa la 38 kwa 50 lomangidwa ku palini, lata likhale pa thabwalo. Pansi pa thabwa ifinyikabe inde, koma lata silikukhudzanso chitsulo ndipo pakatipo yapeza malo ofufumira. Apa samalani zinthu ziwiri. Masikuluwu omanga thabwa akhale aatali olowa bwino mu chitsulo, apo ayi mphepo ya mvula yoyamba idzanyamula denga. Ndipo thabwa lothiridwa mankhwala a chiswe, lobiriwira lija, lili ndi kopa amene amadyetsa lata dzimbiri pakakhala chinyezi, ndiye pakati pake muike kapulasitiki kakuda ka DPC. Za foyilo yonyezimira imene ena amayala pansi pa malata nayo, imagwira ntchito mbali yonyezimirayo ikayang'anana ndi mpata wa mpweya, mamilimita 25 kapena kuposa. Yopanikizidwa pakati pa lata ndi chitsulo palibe chimene ikuchita.

Tsopano za pa windo, imeneyo ndi lintala, konkire yogona pamwamba pa windo yonyamula khoma. Konkire imadutsitsa kutentha kuposa njerwa yootcha kawiri kapena katatu, ndipo poti ndi yolemera imasunga kutentha kwa dzuwa la madzulo n'kumakutulutsira mkati usiku. Ndikuganiza windolo layang'ana kumadzulo eti? A ku Dedza ndi ku Mzuzu amaziona mosiyana, mu Juni lintala imazizira kuposa khoma, mame amagwirapo ndipo pamachita nkhungu yakuda mzere wowongoka pamwamba pa windo, mwini nyumba n'kumati denga likudontha.

Pomanga, khoma la mamilimita 230 mutha kuthira malintala awiri oonda, wakunja ndi wamkati, aliyense ndi zitsulo zake, pakati n'kuika polisitilini wa mamilimita 25, zoyera zopepuka zija zimabwera m'katoni ya filiji koma mugule wa mashiti. Kachidutswa kameneko kokha kamatchinga kutentha kuposa khoma lonse la njerwa la 230. Koma chonde izi ndi za lintala ya windo wamba, ndipo injiniya aone kaye. Bimu yozungulira nyumba musaigawe pakati, ndi imene imamanga makoma pamodzi, ndipo Salima yomweyo inagwedezeka ndi chivomezi mu 1989. Pa bimu polisitilini amamatidwa kunja, n'kukutira ndi neti musanapake pulasitala, popanda neti pulasitala imang'ambika.

Kwa inuyo amene munamanga kale, lintala ndi kagawo kakang'ono ka khoma, ndalama yambani mwaika ku siling'i. Windolo lipatseni mthunzi, kaya kakhonde kotsika kaya mtengo mbali ya kumadzulo, lintalayo muipake penti yoyera kunja. Mukaika siling'i mudzagwirenso pamalo pomwepo cha m'ma 8 koloko usiku, chifukwa nthawi zina kutenthako kumatsika kuchokera ku chitsulo cha denga chimene chinakwiriridwa mu bimu pamwamba pa windolo.