Chithunzi cha mitengo ya chimanga

"Ndaika lipoti la mitengo ya chimanga pa msika wa Lizulu mu Lilongwe. Chithunzi cha patsamba 3 chikutanthauza kuti mavenda ndiwo akukweza mtengo?"

Ayi achimwene, chithunzicho sichikunena zimenezo. Mzerewo ukungoonetsa mtengo wa kilogalamu imodzi mwezi ndi mwezi: wotsika mu Meyi anthu atangokolola, wokwera pofika Januwale nkhokwe zikamatha. Yemwe wachititsa simungamupezemo, poti mulibe kuchuluka kwa chimanga chomwe chinalowa mumsika kapena mtengo womwe mavendawo anagulira kumudzi.

Taonaninso manambala a m'mbaliwo. Sakuyambira pa 0, n'chifukwa chake kukwerako kukuoneka koopsa. Ndipo ndi msika umodzi, chaka chimodzi. Chonde musalembe kuti Lilongwe yense zili choncho. Za ku Kawale ndi Area 25 mulibemo.