Masiku 30 aja ayambira pati?

"Achimwene, ine ndimakhoma mipando ku Glen View. Sukulu ina yandipempha koteshoni ya madesiki pa imelo, akuti ndiikepo `Net 30`. Ndikufunanso kuwadulirako mtengo akalipira msanga. Ndilembe bwanji kuti tisadzakokanekokane?"

Achimwene, `Net 30` ndiye kuti ndalama zonse zilipidwe pasanathe masiku 30, koma mawuwo paokha sanena tsiku loyambira kuwerenga. Mkangano umabadwira pomwepo. Inu mudzawerenga kuchokera tsiku la invoisi, pomwe a maakaunti ambiri amawerenga kuchokera pa sitetimenti ya kumapeto kwa mwezi.

Tiyerekeze kuti madesikiwo ndi a madola 1,500, invoisi mwalemba pa 3 Marichi. Kwa inu tsiku lomaliza ndi 2 Epulo. Iwo akayambira pa 31 Marichi, ndalama mudzaziona pa 30 Epulo, patatha masiku 58, uku wa matabwa akukuimbirani m'mawa ndi madzulo. Zinandionekerapo ine ndi kampani ina kuno ku Harare. Mayi wa maakaunti anangonditembenuzira kompyuta n'kundilozera imelo yanga yomwe, ndipo ndinasowa chonena poti tsiku loyambira munalibemo.

Ndiye pansi pa mtengo, m'imelo momwemo osati m'pepala lomata lokha, lembani chiganizo chathunthu m'chilankhulo chomwe mukulemberana nawo: ndalama zonse, madola a ku America 1,500, zikhale zitalowa mu akaunti pasanathe masiku 30 kuchokera pa tsiku la invoisi. Mawu akuti "zitalowa" musawasiye. Chithunzi cha umboni woti alipira si ndalama ayi. Tchulaninso mtundu wa ndalama. Mu Seputembala 2024 ZiG, ndalama ya kuno ku Zimbabwe, inagwetsedwa mphamvu ndi maperesenti oposa 40 tsiku limodzi, choncho ngati mulola ZiG, nenani kuti mudzatsata reti ya tsiku lolipira, ndi ya kuti.

Za kudula mtengo, amalonda amalemba `2/10 Net 30`, kutanthauza kuti wolipira pasanathe masiku 10 achotse maperesenti awiri. Inu masulirani ndi manambala: zikalowa pofika 13 Marichi alipira 1,470, kupyola apo ndi 1,500 yonse. Mukapanda kutero, ena amalipira tsiku la 25 atadzichotsera kale madola 30 aja, ndipo kukalonjerera madola 30 kumachititsa manyazi.

Komanso muyambe mwaganiza ngati kudulako kukupindulirani. Mukutaya madola 30 kuti ndalama zifulumire ndi masiku 20 okha. Pa chaka zimenezo zikufanana ndi ngongole ya chiwongoladzanja cha maperesenti pafupifupi 37. Ngati chikukuvutani ndi ndalama ya matabwa ndi vanishi, ine ndikanapempha dipoziti ya theka, `Net 30` n'kukhala ya theka lotsalalo.

Musanadule thabwa ngakhale limodzi, akuyankheni pa imelo yomweyo kuti avomera. Akakutumizirani oda yawo, iwerengeni mpaka pansi, chifukwa timalemba ting'onoting'ono tam'munsimo nthawi zina timanena masiku 60.